Mayankho awiri onse akuoneka olondola, ndisankhe liti?

"Ndikukonzekera mayeso a malamulo a umboni, amene timangosankha pakati pa A, B, C ndi D. Mayankho awiri ndimawachotsa msanga, koma awiri otsalawo amakhala ngati onse ndi oona ndiye ndimangolota, ndipo nthawi zambiri ndimalakwa. Kodi pali njira yodziwira lenileni?"

Njira ilipo achimwene, ndipo imayambira pa kudziwa mmene olemba mafunsowa amatcherera msampha. Yankho labodza lomwe limakola anthu kawirikawiri silinama pa lamulo ayi. Lamulo lomwe latchulidwalo limakhala lenileni, munaliwerenga ndithu mu manotsi, nchifukwa chake mtima umakopeka nalo. Vuto ndi loti lamulolo limafuna mfundo inayake yomwe mu nkhani yomwe mwapatsidwayo mulibe. Ndiye mukatsala ndi awiri musamafunse kuti loona ndi liti, onse akhoza kukhala oona. Muzifunsa kuti yankho ili kuti ligwire ntchito likufuna chani, nanga chimenecho chalembedwa mu funsomu?

Tiyeni tione ndi funso. Ndigwiritsa ntchito malamulo a makhoti a boma la Amerika, Federal Rules of Evidence, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1975, poti ali ndi manambala osavuta kulondola. Inuyo muonenso kuti malamulo omwe mukuyesedwa akuti bwanji pa mfundo yomweyo.

Munthu wagundidwa ndi galimoto ndipo wasumira mwini galimotoyo. Waitana mboni yomwe ikufuna kunena kuti, tsiku lotsatira ngoziyo, mwini galimoto anaiuza kuti "ndinkadziwa kuti mabuleki sakugwira". Loya wa mwini galimoto wakana. A akuti umboniwu ulowe chifukwa ndi mawu a mwini mlandu amene akugwiritsidwa ntchito pomutsutsa. B akuti ulowe chifukwa ndi mawu omwe munthu wanena omupweteka yekha. C akuti usalowe chifukwa ndi umboni wongomva kwa wina. D akuti usalowe chifukwa sanalumbire ponena mawuwo.

C ndi D mwachotsa, chabwino. Tsopano B amakoka kwambiri chifukwa mawuwo akumupwetekadi munthuyo, ndani angakane zimenezo. Koma lamulo la mawu odzipweteka nawo wekha, 804(b)(3), lili ndi chitseko kutsogolo kwake: woyankhulayo akhale woti sangapezeke kudzachitira umboni, kaya anamwalira, kaya akudwala kwambiri, kaya wasowa ndipo ayesetsa kumubweretsa zakanika. Bwererani mu nkhani ija. Alipo pomwe anena kuti mwini galimoto sangapezeke? Palibe, munthuyo ali phee mu khoti momwemo pambali pa loya wake. A, yemwe ndi 801(d)(2), safuna zonsezo, amangofuna kuti woyankhulayo akhale mbali ya mlandu ndipo amene akubweretsa mawuwo akhale wa mbali inayo. Safuna nkomwe kuti mawuwo akhale oti ankamupweteka panthawi yomwe ankawanena. Zonse zomwe A akufuna zili pa pepala, ndiye yankho ndi A.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ichi, musamawonjezere mfundo zanu mu nkhani. Mukangoyamba kuganiza kuti "mwinatu mwini galimotoyo anathawa" ndiye kuti mwayamba kulemba funso lanulanu, ndipo B adzaoneka wolondola pa funso lanulo osati pa lomwe mwafunsidwa. Olemba akafuna B amakuuzani. Adzati mawuwo ananena ndi makaniko wa galaja ina, amene sali mbali ya mlandu, kuti "ndinamulipiritsa ndalama za mabuleki atsopano koma sindinasinthe", kenako adzaponya kachiganizo kakang'ono koti makanikoyo anamwalira chaka chatha. Kachiganizo kameneko sanakaike mwangozi, ndi komwe kakutsegula chitseko chija, ndipo apa A wagwa chifukwa makaniko si mwini mlandu komanso si wantchito wake.

Mtundu wina wa awiri ofanana umachokera pa cholinga, ndipo apa mpomwe ndimaona ambiri akutaya malikisi mosayenera. Musanayang'ane nkomwe mayankho dzifunseni kuti umboniwu akuubweretsa kuti utsimikize chani. Mawu omwewo akhoza kukanidwa pa cholinga china nkuloledwa pa china. Tiyerekeze kuti mboni ikunena kuti inamva makaniko akuimbira foni mwini galimoto ngozi isanachitike, kumuuza kuti "mabuleki aja ndinawaona sabata yatha, atha". Yankho lina likuti ulowe kusonyeza kuti mabuleki anali otha komanso kuti mwini wake ankadziwa. Lina likuti ulowe kusonyeza kuti anachenjezedwa basi. Onse akuti ulowe, onse akumveka bwino. Koma kuti khoti likhulupirire kuti mabuleki analidi otha liyenera kukhulupirira makaniko amene sanaime mu bokosi la mboni ndipo loya winayo sanamupanikize ndi mafunso, umenewo ndiye umboni wongomva uja. Pamene kuti mwini galimoto anachenjezedwa sizidalira kuti makaniko ankanena zoona, zimangodalira kuti mawuwo ananenedwa ndipo iye anawamva, ndipo mboni yomwe inalipo ikhoza kufunsidwa pa zimenezo. Lachiwirilo ndiye lolondola, loyambalo ndi loona theka lokha, ndipo yankho loona theka pa mayeso amenewa ndi lolakwa lonse. Taonaninso kuti ndaika "sabata yatha" mwadala, akanakhala kuti makaniko akuyankhula ali chiyang'anire mabulekiwo bwezi tikukamba za 803(1), mawu ofotokoza chinthu pomwe ukuchiona, ndipo nkhani ikanasintha.

Ganizo limeneli si la ku Amerika kokha. Pa mlandu wa Subramaniam v Public Prosecutor wa mu 1956, wochokera ku Malaya, dziko lomwe lero ndi mbali ya Malaysia, munthu anapezeka ndi zipolopolo ndipo ankati zigawenga zinamukakamiza. Jaji anamuletsa kufotokoza zomwe zigawengazo zinamuuza ati ndi zongomva, koma Privy Council, khoti la ku London lomwe linamva apilo yake, inati kunali kulakwitsa, chifukwa mawuwo sankabwera kudzatsimikiza kuti zigawengazo zinkanena zoona koma kuti ananenedwa ndipo anamuopseza. Mukaugwira bwino mlandu umenewu mafunso ambiri a mtundu uwu amamasuka okha.

Chenjezo limodzi lomwe musalitaye. Mu malamulo a ku Amerika aja mawu a mwini mlandu amawerengedwa kuti si umboni wongomva nkomwe, pamene mwambo wakale wa malamulo a ku Mangalande umawatenga ngati wongomva ndithu koma wololedwa mwapadera. Mapeto ake ndi amodzi, umboni umalowa, koma ngati mayankho anu awiri akusiyana pa dzina lokhalo ndiye muyenera kudziwa kuti mayeso anu akutsata mbali iti, apa nzeru zokha sizingakupulumutseni, mufunse aphunzitsi kapena muone mu silabasi.

Ndipo pochita mapepala akale, funso lililonse lomwe munatsala ndi awiri, ngakhale lomwe mwakhoza, lembani pambali pa yankho logwalo mfundo imodzi yomwe ikanakhala mu nkhani likanakhala lolondola. "Akanakhala kuti anamwalira." "Akanakhala kuti ndi wantchito wake ndipo ankanena za ntchito yakeyo." Ngati simukutha kuilemba mfundoyo ndiye kuti lamulolo mukungolidziwa dzina, pitani mukaliwerengenso zofunika zake chimodzichimodzi musanapite pa funso lina.