Aigenivalyu ikabwera kawiri, werengani maaigenivekita ake

"Moni aphunzitsi. Ndine mchemwali wanu wa ku Zomba, ndili chaka chachiwiri. Tapatsidwa matirikisi A iyi:

```
3  1  1
1  3  1
1  1  3
```

Maaigenivalyu ake ndapeza 2, 2 ndi 5. Mnzanga akuti poti 2 yabwera kawiri, matirikisiyi singasandutsike kukhala ya dayagonolo, koma mayankho amene tinapatsidwa akuti ikutheka. Akunena zoona ndani? Nanga pamayeso ndidzadziwa bwanji?"

Zikomo achemwali. Mayankhowo ndiwo akulondola, ndipo manambala anu mwawapeza bwino. Mnzanuyo wagwira lamulo loona koma walitembenuza. Lamulolo limati matirikisi ya n×n ikakhala ndi maaigenivalyu n osiyanasiyana, imasandutsika ndithu. Silinena chilichonse pa matirikisi imene aigenivalyu yake yabwerezedwa. Pamenepo zikhoza kutheka, zikhozanso kukanika, ndipo chogamula mlandu ndi chimodzi chokha: kodi mungapeze maaigenivekita n osadalirana?

Ndifotokoze kaye kumene mfundo imeneyi yachokera, chifukwa mukaiona kamodzi simudzafunanso kuiloweza. Tikamati A imasandutsika kukhala ya dayagonolo tikutanthauza kuti pali matirikisi P yokhala ndi invesi, ndi D yokhala ndi manambala pa dayagonolo pokha, zoti A = PDP⁻¹. Chulukitsani mbali zonse ndi P kumanja, mupeza AP = PD. Tsopano yang'anani mzere woima woyamba wa P, tiutche v. Kumanzere A ikuchulukitsa v. Kumanja v yomweyo yangochulukitsidwa ndi nambala yoyamba ya pa dayagonolo ya D. Ndiye kuti Av = λv, kutanthauza kuti v ndi aigenivekita. N'chimodzimodzi ndi mizere yoima yonse ya P. Ndipo kuti P ikhale ndi invesi, mizere yake yoimayo iyenera kukhala yosadalirana, pasakhale wina wopangidwa pochulukitsa kapena kuphatikiza inzake. Choncho matirikisi yanu ya 3×3 ikufuna maaigenivekita atatu oima paokha, monga mphika umafunira mafuwa atatu. Mafuwa awiri mukawasanjikiza pamalo amodzi, mphikawo ukuonabe ngati ndi fuwa limodzi.

Tiyeni tiwerenge a matirikisi yanu. Aigenivalyu 5 sititaya nayo nthawi. Aigenivalyu iliyonse imabweretsa aigenivekita yosachepera imodzi, ndipo singabweretse ambiri kuposa maulendo amene yaonekera mu polinomiyo ya matirikisiyo, yomwe ndi ditaminanti ya λI − A. Tsono 5 yaoneka kamodzi, ipereka imodzi basi. Mukaona kuti mzere wogona uliwonse wa A ukaphatikizidwa ukupereka 5, mwadziwa kale kuti vekitayo ndi (1, 1, 1).

Ntchito yeniyeni ili pa 2. Chotsani 2 pa nambala iliyonse ya pa dayagonolo, mupeza A − 2I:

```
1  1  1
1  1  1
1  1  1
```

Mizere itatu yonseyi ikunena chinthu chimodzi, x + y + z = 0. Zilembo zilipo zitatu, ikweshoni ilipo imodzi, ndiye zilembo ziwiri n'zomasuka, mukhoza kuzipatsa nambala iliyonse imene mwafuna. Ranki ya A − 2I ndi 1, ndipo 3 − 1 = 2. Nambala 2 imeneyi ndiyo kuchuluka kwa maaigenivekita osadalirana a aigenivalyuyi. Titenge (1, −1, 0) ndi (1, 0, −1). Yesani yoyambayo pamanja: mzere woyamba wa A ukupereka 3 − 1 = 2, wachiwiri 1 − 3 = −2, wachitatu 1 − 1 = 0. Zatuluka (2, −2, 0), yomwe ndi vekita yathu yomwe ija kuchulukitsa ndi 2.

Aigenivalyu yabwera kawiri, yabweretsa mavekita awiri, palibe chopereweza. Kuphatikiza ndi ya 5 ija akwana atatu. Simufunikanso kuda nkhawa ngati (1, 1, 1) ikudalira awiri enawo, chifukwa maaigenivekita ochokera ku maaigenivalyu osiyana sadalirana. P ndi D zikhala chonchi:

```
P =  1   1   1        D =  2  0  0
    -1   0   1             0  2  0
     0  -1   1             0  0  5
```

Ditaminanti ya P ndi 3, si ziro, ndiye invesi ilipo. Samalani ndondomeko yake: vekita ya 5 ili mu mzere woima wachitatu, ndiye 5 ikhalenso pachitatu mu D. Ophunzira ambiri amataya mamalikisi pomwepa atagwira ntchito yonse bwinobwino.

Tsopano ndikufuna mukaonetse mnzanuyo matirikisi ina, kuti aonenso kuti nkhawa yake sinali yopanda pake. Ndasintha mzere wogona womaliza wokha, ndipo ndiitcha B:

```
3  1  1
1  3  1
2  0  3
```

Polinomiyo yake ndi yofanana ndendende ndi ya A, (λ − 2)²(λ − 5). Manambala a pa dayagonolo akupereka 9, monga 2 + 2 + 5. Ditaminanti ndi 20, monga 2 × 2 × 5. Mizere yogona ikuphatikizikabe kukhala 5, ndiye (1, 1, 1) ikadali aigenivekita ya 5. Munthu wongoyang'ana maaigenivalyu sangasiyanitse A ndi B ngakhale pang'ono. Koma chotsani 2 pa dayagonolo muone:

```
1  1  1
1  1  1
2  0  1
```

Apa maikweshoni alipo awiri osiyana, x + y + z = 0 ndi 2x + z = 0. Wachiwiriyo akutipatsa z = −2x, ndipo tikalowetsa zimenezi mu woyamba tikupeza y = x. Chilembo chomasuka chatsala chimodzi, x. Mayankho onse ali pamzere umodzi, wa vekita (1, 1, −2). Ranki ndi 2, ndipo 3 − 2 = 1. Aigenivalyu yabwera kawiri koma yabweretsa vekita imodzi. Onse pamodzi maaigenivekita osadalirana a B ndi awiri, pomwe pakufunika atatu, ndiye B sisandutsika. Palibe luso lililonse limene lingatulutse yachitatu, kulibeko.

Apa m'pomwe ndimaona manja a ophunzira akuyabwa. Munthu akaona kuti mzere woima umodzi wa P uli wopanda kanthu, amatenga x = 2 n'kulemba (2, 2, −4) ngati vekita yatsopano. Inde, ndi aigenivekita, koma ikuloza komwe ikuloza (1, 1, −2). Mukaziika zonse mu P, ditaminanti ituluka ziro ndipo P⁻¹ sipezeka. Ena amaikapo (0, 0, 0), imene siwerengedwa n'komwe ngati aigenivekita. Ine pepala lolembedwa kuti "ranki ndi 2, vekita yapezeka imodzi, sisandutsika" ndimalipatsa mamalikisi onse mosanyinyirika, chifukwa kukana kumeneko ndiye yankho.

Tsono pamayeso njira yake ndi yaifupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Pezani maaigenivalyu. Amene aoneka kamodzi asiyeni. Pa aliyense wobwerezedwa, pezani ranki ya A − λI, ichotseni pa n, muone ngati chotsalacho chikufanana ndi maulendo amene aigenivalyuyo yaonekera. Zikafanana pa onse, matirikisi isandutsika. Zikangoperewera pa imodzi, zatha. Ngati funso likungofuna kudziwa ngati zikutheka kapena ayi, simufunika kulemba mavekitawo kapena kuwerengera P⁻¹. Chenjezo limodzi: kuchepetsa mizere muchite pa A − λI, osati pa A musanapeze maaigenivalyu, chifukwa kuphatikiza ndi kusinthanitsa mizere kumasintha maaigenivalyu.

Matirikisi yanu inali ndi chizindikiro china chimene chikanakuuzani yankho musanagwire cholembera. Ndi ya simetiriki, kutanthauza kuti nambala ya pa mzere wogona woyamba, woima wachiwiri, ikufanana ndi ya pa wogona wachiwiri, woima woyamba, ndipo zili choncho paliponse. Matirikisi ya simetiriki ya manambala a riyo imasandutsika nthawi zonse, kaya maaigenivalyu abwerezedwa kangati. B ija si ya simetiriki, n'chifukwa chake tinayenera kuwerenga. Koma musatembenuzenso lamulo ili ngati mmene anachitira mnzanuyo. Matirikisi zambiri zosakhala za simetiriki zimasandutsika bwinobwino.

Palinso njira yotsimikizira yankho imene ndimaikonda chifukwa siifuna kuthetsa ikweshoni iliyonse. Tengani aigenivalyu iliyonse kamodzi kokha, muchulukitse (A − 2I)(A − 5I). Matirikisi ikakhala yosandutsika, zotsatira zake zimakhala ziro paliponse, ndipo ikakhala yosasandutsika penapake pamatsala nambala. Pa A zonse zikufafanizika. Pa B, mzere wogona woyamba ukutuluka 1, −1, 0, ndipo pomwepo mwadziwa kuti yakana, osafunikanso kumaliza mizere inayo.

Musasakanize nkhaniyi ndi yokhala ndi invesi. B ili ndi invesi poti ditaminanti yake ndi 20, koma sisandutsika. Matirikisi ya ma 1 okhaokha ija ilibe invesi, koma imasandutsika, ndipo maaigenivalyu ake ndi 0, 0 ndi 3. Ziro ndi aigenivalyu yololedwa ngati ina iliyonse.

Muziwerenganso funso mosamala kuti mudziwe manambala amene akuloledwa. Tengani matirikisi ya 2×2 ya mizere yogona (0, −1) ndi (1, 0), imene imazungulitsa vekita iliyonse madigiri 90. Polinomiyo yake ndi λ² + 1. M'manambala a riyo mulibe aigenivalyu, ndipo n'zomveka, chifukwa palibe vekita imene ingazungulitsidwe chotero n'kukhalabe pamzere wake. Koma m'manambala a kompulekisi maaigenivalyu ake ndi i ndi −i, awiri osiyana, ndiye kumeneko imasandutsika. Vuto la B ndi la mtundu wina. Ngakhale mupite ku kompulekisi, vekita yosowayo simukaipeza.

Mwina mufunsa kuti nanga B timatani nayo. Pali mawonekedwe ena amene amatchedwa ndi dzina la Camille Jordan, katswiri wa ku France amene anawafalitsa mu 1870. M'malo mwa aigenivekita yosowayo mumafuna vekita w yoti (B − 2I)w = (1, 1, −2). Apa w = (0, 3, −2) ikugwira, yesani muone. Mukaika (1, 1, −2), kenako w, kenako (1, 1, 1) mu P, pakati pamatuluka matirikisi yokhala ndi 2, 2, 5 pa dayagonolo, ndi 1 mmodzi pamwamba pa 2 wachiwiriyo. Zimenezi mudzakumana nazo kutsogoloku.

Ngati muli ndi kompyuta ndipo mukufuna kuyesa mayankho anu, gwiritsani ntchito SymPy, imene imawerenga ndi manambala athunthu:

```python
from sympy import Matrix
B = Matrix([[3,1,1],[1,3,1],[2,0,3]])
print(B.is_diagonalizable())
```

Ilemba `False`, ndipo mukaikamo A ilemba `True`. Pa funso ili musadalire `numpy.linalg.eig`, chifukwa imawerenga ndi madesimo odulidwa ndipo nthawi zonse imabweza mizere yoima itatu. Pa matirikisi ngati B, iwiri mwa itatuyo imakhala yofanana kapena yosiyana pang'ono kwambiri, kumadesimo akutali, ndipo munthu wosazolowera amaiwerenga ngati mavekita awiri.