Ndondomeko ya ulendo wa m'Chigwa cha Shire: kuilemba kuti ipirire tsiku likasokonekera

"Ndimakhala ku Nchalo, ndipo mu Januwale ndilandira alamu anga atatu ochokera ku Lilongwe. Akufuna kukaona nyama ku Majete, kukafika pa boma la Nsanje, komanso kukazonda agogo ku Fatima, kutsidya kwa Shire, zonsezi m'masiku atatu. Ndayesa kulemba ndondomeko pa Google Sheets koma zangosanduka chipwirikiti. Kodi nthawi, malo obukitsa, maadiresi ndi njira zapadera ndiziike motani?"

Mayi, chinthu choyamba chimene mukonze ndi ichi: mzere uliwonse ukhale wa chochitika chimodzi, osati wa tsiku lathunthu. Kukwera minibasi kukhale ndi mzere wake, kuyembekeza kuti idzaze kukhalenso ndi mzere wake, chifukwa kudikira kumadya nthawi mofanana ndi kuyenda. Pamwamba lembani mitu ya makolamu motere: A tsiku, B nthawi yoyamba, C mphindi, D nthawi yomaliza, E chochitika, F malo, G zobukitsa, H chenjezo, I nthawi yogamula, ndi J njira yapadera. Mukatero sankhani View, kenaka Freeze, kenaka 1 row, kuti mituyo isamasowe mukamatsika m'munsi.

Nthawi musamazilembe zonse pamanja, pakuti mukadzasintha imodzi mudzayenera kufufuta zonse zotsatira. Lembani nthawi yonyamukira yokha mu B2, mphindi mu C2, kenaka muike izi mu D2 ndi mu B3, n'kuzikokera m'munsi:

```
D2: =B2+C2/1440
B3: =D2
```

Tikugawa ndi 1440 chifukwa pulogalamuyi imawerenga tsiku lathunthu ngati 1, ndipo tsiku lili ndi mphindi 1440. Mukaona m'kabokosi mwatuluka 0.25 m'malo mwa 06:00, musadandaule kuti mwalakwitsa masamu. Sankhani makolamu B ndi D, mupite pa Format, Number, kenaka Time.

Tiyeni titenge tsiku la ku Fatima, lomwe ndilo lovuta pa masiku atatuwa. Mphindi zomwe ndikuika pano n'zachitsanzo, ndipo muzitsimikize kwa anthu amene adutsa njirayo sabata yomweyo. Mukafika pa siteji ya Nchalo 06:00 n'kuika mphindi 40 zodikira minibasi, munyamuka 06:40. Mphindi 90 za pamsewu wa M1, kudzera pa Ngabu, zikufikitsani ku Bangula 08:10. Mphindi 20 za pakabaza kupita padoko zikupatsani 08:30, mphindi 30 zodikira bwato 09:00, mphindi 45 zowoloka 09:45, ndipo ola limodzi la panjinga yamoto likufikitsani kwa agogo 10:45. Minibasi ikachedwa n'kudzaza patatha mphindi 70, mungosintha 40 kukhala 70, ndipo nthawi zonse za m'munsi zisuntha zokha kufika 11:15.

Koma pali nthawi zina zomwe sizisuntha ngakhale inu mutachedwa, monga ola limene mwagwirizana ndi wokuyendetsani m'nkhalango ya Majete, kapena ola limene muyenera kukhala mutafika padoko pobwerera kuti musawoloke Shire kuli mdima. Nthawi zoterezi zilembeni pamanja mu kolamu B, muzipake mtundu wina, ndipo mu H muike chenjezo lofananitsa mapeto a mzere wapamwamba ndi chiyambi cha mzere umenewo:

```
H9: =IF(D8>B9,"TACHEDWA","")
```

Ngati mwalemba kuti bwato lobwerera mulikwere 15:30, ndipo ulendo wochokera kwa agogo ndi wa ola limodzi, ndiye kuti kutsanzikana kuthe isanakwane 14:30. Inu mukudziwa kuti kutsanzikana ndi agogo sikutha msanga, makamaka nkhuku ikakhala kuti yaphedwa kale, choncho kupatseninso mzere wake wa mphindi 30.

Pa adiresi, kuno kwathu nambala ya bokosi la ku positi siingakufikitseni pakhomo pa munthu. Mu kolamu F lembani dzina la mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, chizindikiro chooneka ndi maso monga sukulu, mjigo kapena chigayo, ndi mbali imene mukhotere. Onjezani nambala ya foni ya munthu amene adzakhalepo tsikulo. Musanalembe manambalawo, sinthani kolamuyo pa Format, Number, Plain text, apo ayi ziro woyambirira adzazimiririka ndipo nambalayo idzaoneka yoperewera. Mu G lembani dzina la amene mwalankhula naye pobukitsa, tsiku limene munalankhulana, ndalama zonse, dipoziti yomwe mwapereka, nambala ya uthenga wotsimikizira ngati mwalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, komanso tsiku lomaliza limene mungasinthe osaluza ndalama. Tsiku lomalizali anthu ambiri safunsa n'komwe, pomwe ndilo limakuuzani ngati masiku anu angathe kusinthanitsidwa.

Tsopano pa njira yapadera, pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri. Ambiri amangolemba kuti "tikalephera pabwato tidzera ku Thabwa," n'kuona ngati atha. Mawu amenewa alibe ntchito ngati sakunena chimene chidzakuuzeni kuti mwalephera, ola limene mudzagamule, ndi munthu amene adzagamule. Taonani mmene njira ziwirizi zakhalira: kuchokera ku Nchalo, Bangula ili kummwera, pomwe Thabwa ili kumpoto, kuseri kwa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, komwe kumayambira msewu wotsika mbali ya kum'mawa kwa mtsinje. Mukakazindikira muli kale padoko 08:30 kuti madzi sakuwolokeka, mudzayenera kubwerera mtunda wonse mpaka kudutsanso pa Nchalo pomwe munachokera, ndipo tsikulo lidzakhala litapita. N'chifukwa chake mu kolamu I mulembe kuti, "05:30, tili ku Nchalo, mayi wa pakhomo aimbira wa bwato," ndipo mu J mulembe chimene muchite akanena kuti madzi akwera kapena foni yake ikakhala kuti siikupezeka.

Chachiwiri n'chakuti njira yapadera isakhale yoti ingagwe ndi vuto lomwelo limene lagwetsa njira yoyamba. Januwale ndi pakati pa dzinja, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe Ana adachita m'chigwa chino mu Januwale 2022, ndiponso Freddy mu Malichi 2023. Mvula imene yadzaza Shire ndi Ruo ndi yomweyo imene imadzaza timitsinje totsika m'mapiri a ku Thyolo n'kudula msewu wa ku Thabwa. Choncho njira ya ku Thabwa ndi yothandiza ngati vuto ndi bwato lokha, monga injini kuwonongeka, koma ngati vuto ndi mvula, lembani mzere wachiwiri wonena kuti tsikulo mupita ku boma la Nsanje pamsewu wa phula, ndipo ulendo wa kwa agogo usunthira mawa lake. Pa chifukwa chimenechi ndikulangizani kuti tsiku la ku Fatima likhale loyamba, kuti likhale ndi masiku awiri osunthirako. Tsiku la ku Majete, lomwe lili ndi zobukitsa ndi dipoziti, likhale lomaliza, ndipo la ku Nsanje, lomwe silifuna kubukitsa, likhale pakati kuti lizitha kusinthana ndi loyambalo.

Kutsidyako netiweki imatha kuduka ndipo magetsi otchajira foni sapezeka paliponse. Pa foni yanu tsegulani pepalalo mu Google Sheets n'kuyatsa Available offline musananyamuke, komanso musindikize tsiku lililonse pa pepala lakelake, mulikulunge m'jumbo chifukwa cha madzi a m'bwato. Pepala lina musiyire munthu wotsala pakhomo ku Nchalo, ndipo pansi pake mulembe ola limene ayambe kukufunsani ngati simunamuimbire, pamodzi ndi nambala ya wa bwato ndi ya wachibale wa ku Fatima.