Dzuwa litafiira si chisisira

Funso: "Ndimajambula anthu, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ndimalemba mawu ofotokoza kuwala kwake. Ndinalemba kuti 'ola la golide', 'kuwala kwa m'mbali' ndi 'kuwala kofewa kwa pawindo', koma owerenga sakumva. Ndizinena bwanji m'Chichewa?"

Owerenga anuwo sanalakwe. Munthu akamva "ola la golide" amaganiza za wotchi yodula, osati za dzuwa. Chichewa chimafotokoza kuwala ndi aneni: chimanena kumene dzuwa lili ndi zimene likuchita. Ndiye m'malo mofuna dzina, funsani kuti kuwalako kukuchokera kuti, ndipo mthunzi wake ndi wotani.

Nthawi imene mukunenayo ndi ya dzuwa lili m'munsi, litangotuluka kapena litatsala pang'ono kulowa. Cheza chake chimadutsa mumpweya wochuluka chisanatifike, n'chifukwa chake chimafiirira, ndipo mithunzi imatalika. Lembani kuti "dzuwa litafiira" kapena "dzuwa likukalowa". Wina angakuuzeni kuti mulembe "dzuwa litapendeka", koma mawuwo amayamba kugwira ntchito masana akangopitirira, dzuwa likadali loyera ndiponso lothobwa m'maso. Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri n'kulemba "chisisira". Pa chisisira dzuwa limakhala litalowa kale, kufiira kwatha pankhope, mithunzi yazimirira, ndipo zinthu zikuoneka mwa chizimezime. Mukauza mnzanu kuti mukajambule pa chisisira pomwe mukufuna nkhope zofiirira, mudzafika kuwalako kutapita. M'mawa n'chimodzimodzi: m'bandakucha dzuwa limakhala lisanatuluke. Maganizo a mawuwa amasiyananso. Dzuwa lofiira limabweretsa chikondi ndi mpumulo, pomwe chisisira chimabweretsa kusungulumwa, nthawi zina mantha.

Pa "kuwala kwa m'mbali" pali vuto lina. Mawuwo akutanthauza kuwala kochokera kumanja kapena kumanzere, kumene kumaunika tsaya limodzi, linalo n'kutsala mumdima. Kumene mukufuna inu kumachokera kumbuyo kwa munthu, n'kusiya kamzere kowala m'mphepete mwa tsitsi ndi mapewa. Ine ndimakonda "mkombero wa kuwala", chifukwa mkombero ndi m'mphepete mozungulira chinthu, ndipo aliyense amauona m'maganizo nthawi yomweyo. Koma kamzereko kamaoneka pokhapokha kumbuyo kwa munthuyo kuli koderapo, monga mitengo yowirira kapena khoma lamthunzi. Kumbuyoko kukakhala thambo loyera mbee, mkombero umasowa, ndipo nkhope ikadanso bii mwajambula chithunzithunzi chabe.

"Kofewa" musakutaye, ngakhale khutu limazolowera kumva mawuwa pa zinthu zogwirika. Ingodziwani kuti ambiri amaganiza kuti mukunena kuwala kochepa, pomwe si choncho. Kufewa kuli pa mthunzi: malire ake saoneka pamene ayambira. Zimachitika chifukwa windo ndi lalikulu poyerekeza ndi nkhope ya munthu amene wakhala pafupi nalo. Akasuntha kuchoka pa mita 1 kufika pa mamita 4, kuwala kumachepa koma mthunzi umayamba kukhwima. Dzuwa likalowa pawindo mwachindunji, palibenso zofewa, pokhapokha mutatseka ndi katani yopyapyala. Choncho wonjezerani mawu othandiza: "kuwala kofatsa kolowera pawindo, kosathobwa m'maso".

Tiyeni tiyese ndi chithunzi chimodzi, cha mayi amene akuwerenga kalata. Mukamujambula panja madzulo, mungalembe kuti: "Dzuwa litafiira, cheza chinagwa pa tsaya lake, mthunzi wake utatalika mpaka kukhoma." Owerenga amva kuti kalatayo ndi yokoma, mwina ya munthu amene anamusowa. Mukamutembenuza kuti dzuwa likhale kumbuyo kwake: "Kuwala kunamulemba mkombero m'tsitsi ndi m'mapewa, nkhope ili mumthunzi." Apa nkhani yabisika, ndipo sitikudziwa ngati akumwetulira kapena akulira. Mukamukhazika m'nyumba: "Kuwala kofatsa kwa pawindo kunamusisita nkhope." Mneni "kusisita" wanyamula bata lonse, moti simufunikanso kulemba kuti mayiyo anali pa mtendere.

Samalani ndi aneni a kuwala, pakuti si amodzi. Kunyezimira ndi kwa chinthu chobweza kuwala, monga madzi kapena thukuta la pamphumi. Kuthwanima ndi kwa chinthu chowala ngati chikuphethira, monga nyenyezi. Kung'anima ndi kwa kamphindi, ngati mphezi kapena fulashi ya kamera. Mukalemba kuti kuwala kwa pawindo "kunang'anima" pankhope ya mayi uja, owerenga adzaganiza kuti kunja kukubwera mvula.