Dyuti ya pa Mwanza sikutseka nkhani ya msonkho

"Kampani ya ku Joni ikufuna ndiziisungira matayala ku Limbe n'kumaigulitsira pa komishoni. Ilibe ofesi kuno, dyuti timalipira pa Mwanza. A MRA angafunenso chiyani?"

Achimwene, dyutiyo ndi ya katundu wolowa basi. Msonkho wa phindu ndi nkhani ina, ndipo umayamba pamene kampani yakunja yapezeka kuti yakhazikika m'dziko muno, chimene m'makalata a msonkho amachilemba kuti PE. Musayang'ane chikwangwani pakhomo. A MRA amayang'ana ngati pali malo okhazikika pomwe bizinesi ya kampaniyo imachitikira, kapena munthu amene amamanga malonda m'dzina lake kawirikawiri. Munthuyo angakhale inuyo.

Mukamagula matayala ndi ndalama zanu, n'kuika mtengo wanu, katundu akaonongeka n'kuluza nokha, ndinu wamalonda woima panokha ndipo a ku Joniwo angogulitsa kwa kasitomala. Koma ngati matayala akadali awo ali m'shedi, lendi akulipira iwo, inu mukukambirana mtengo ndi ogula, kulemba invoisi ya dzina lawo ndi kutolera ndalama, ndiponso simugulitsira kampani ina iliyonse, shedi ija yasanduka nthambi yawo. Ena amati tizitumiza mapepala ku Joni akangosainako. Zimenezo n'zosadalirika, chifukwa wofufuza akaona kuti kumeneko sanasinthepo mtengo ngakhale kamodzi, adzanena kuti malonda anathera ku Limbe. Mapangano ambiri a msonkho pakati pa mayiko salanga malo ongosungira kapena kuonetsera katundu, koma mukayamba kugulitsira pomwepo chitetezo chimenecho chatha. Malawi ndi South Africa ali ndi pangano lotere. Akauntanti aliwerenge musanasaine kanthu.

Tiyerekeze mwagulitsa matayala a K200 miliyoni pa chaka, zogulira, thiransipoti, dyuti, lendi ndi komishoni yanu zadya K160 miliyoni. Phindu ndi K40 miliyoni. Nthambi ya kampani yakunja imalipira 35 peresenti, pomwe kampani yolembetsedwa kuno imalipira 30. Ndiye kuti K14 miliyoni pa chaka. Akakutulukirani patatha zaka 3, ndi K42 miliyoni, chilango ndi chiwongoladzanja tisanaikepo. Chopweteka n'chakuti malisiti a zogulira amakhala ali ku Joni, ndipo mukalephera kuwaonetsa, phindu amaliyerekeza okha, inu muzikatsutsa pambuyo pake.

Eni matayala ali kutali, amene akuoneka ndi inu. Lamulo limalola a msonkho kulamula munthu amene akusunga ndalama za wangongole kuti alipire kuchokera pa ndalamazo, ndipo ndalama za matayala zimadutsa mu akaunti yanu. Choncho lole yoyamba isanakweze, auzeni asankhe: akugulitseni katunduyo akhale wanu, kapena alembetse nthambi, atenge TPIN yawoyawo, ndipo pangano linene poyera kuti msonkho wa phindu lawo ndi wawo.