Galimoto ya bizinesi ndi msonkho wa kampani

"Kampani yathu ya ku Limbe yagula pikapu ya K40 miliyoni. Kodi tingachotse ndalama yonseyi pa phindu la chaka chino kuti msonkho utsike?"

Ayi achimwene, simungachotse yonse kamodzi. MRA imalola kuchotsa gawo la mtengowo, lotchedwa alawansi, chaka ndi chaka, ndipo gawolo limawerengedwa pa ndalama yotsala.

Tiyerekeze kuti mulingo wa pikapu yanu ndi 20 peresenti. Chaka choyamba muchotsa K8 miliyoni pa phindu. Poti msonkho wa kampani ndi 30 peresenti, mwapulumutsa K2.4 miliyoni, osati K8 miliyoni ayi. Chaka chachiwiri 20 peresenti ija iwerengedwa pa K32 miliyoni yotsala, ndiye muchotsa K6.4 miliyoni. Ndalama imene mumalemba m'mabuku mwanu ya kutha kwa galimoto simalowa; imabwezedwa pa phindu, m'malo mwake n'kuikamo alawansiyi. Ena amachotsa zonse ziwiri, kenako n'kudzapatsidwa chindapusa.

Tsiku logulitsa ndiye pamene anthu amadzidzimuka. Mukadzaigulitsa K30 miliyoni patatha zaka ziwirizo, pamene yotsala ndi K25.6 miliyoni, K4.4 miliyoni yapamwambayo idzawonjezedwa pa phindu lokhomedwa msonkho. Ndipo ndi mmene mitengo ya galimoto ikukwerera muno, zimenezi zimachitika kawirikawiri.

Bulubuku ndi risiti zikhale m'dzina la kampani, osati lanu. Mulingo weniweni umasiyana pakati pa pikapu, lole ndi makina a fakitale, komanso pali alawansi ina ya chaka chogula, choncho musanapereke fomu ya msonkho onanani ndi akauntanti kapena pitani ku maofesi a MRA ku Msonkho House.