Chidziwitso cha msonkhano wogulitsa chimanga pamodzi

"Ndine mlembi watsopano wa koparetivi yathu. Tikufuna kuitanitsa msonkhano wokambirana zogulitsa chimanga pamodzi. Ndilembe chiyani m'chidziwitso: mfundo, nthawi, komanso zoti mamembala abweretse?"

Mayi mlembi, za kayalidwe ka kalata ena akuuzani kale. Ine ndikhazikike pa zoti anthu abwere nazo, chifukwa apa ndi pamene gulu lathu linapwetekera.

Chaka china tinaitana anthu popanda kuwauza kuti abwere ndi kanthu. Wapampando atafunsa matumba, aliyense ankangotchula za m'mutu, ambiri akuwerengera chimanga chosatonola chomwe chinali m'nkhokwe. Titaphatikiza tinapeza matumba 600 a makilogalamu 50, omwe ndi matani 30, lole imodzi yodzadza. Tinalonjeza wogula, naye anatumizadi loleyo. Tsiku lokweza tinalephera kufikitsa ngakhale matumba 400. Ena anali atagulitsa kale kwa mavenda chifukwa cha mavuto a pakhomo, ena anaiwala kuchotsera chakudya cha banja. Lole inapita ndi malo otsala koma tinailipira yonse, ndipo wogula uja sanatiyankhenso chaka chotsatira. Zimandiwawabe mpaka lero.

Choncho lembani momveka kuti membala aliyense abwere ndi kapepala kosonyeza matumba amene watonola kale, amene akusungira banja kufikira kukolola kwina, ndi amene akupereka ku gulu. Nambala yachitatuyi ndi yokhayo yolowa m'kaundula, ndipo mwini wake asainire kapena adinde chala pomwepo. Ngati pakhomo pali awiri, agwirizane asananyamuke. Sibwino bambo kulonjeza pamsonkhano matumba amene mayi akuwadalira.

Chachiwiri, aliyense atenge chimanga chodzadza kapu imodzi, chotapa pakati pa thumba osati pakamwa. Ogula akuluakulu amafuna chinyezi cha pafupifupi maperesenti 13, ndipo matumba ochepa osauma amatha kubwezetsa katundu wa gulu lonse. Ngati mulibe makina oyezera chinyezi, konzani botolo lagalasi louma ndi mchere wouma bwino. Thirani chimanga pang'ono ndi mchere, tsekani, khutchumulani, kenako dikirani mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chibwerere padzuwa. Pomwepo mudzaonanso cha anankafumbwe, cha chuku ndi chosapeta. Chitani izi pamaso pa onse kuti pasadzakhale wonena kuti komiti ikumusala.

Za chinyezizi muwafotokozere bwino anthu, chifukwa zimadanitsa. Thumba lolemera makilogalamu 50 pamene chinyezi chili pa maperesenti 18, likauma kufika pa 13 limatsala ndi makilogalamu pafupifupi 47. Membala amene sanamve izi adzati gulu lamubera makilogalamu atatu pa thumba lililonse, pamene ndi madzi chabe amene auluka.

Mfundo zisapitirire zisanu, ndipo muzisanje motere: kuchuluka kwa matumba, ubwino wa chimanga, malo osonkhanitsira ndi sikelo yoyezera, zochotsera monga mayendedwe, matumba ndi mlonda, kenako mtengo ndi tsiku lolandira ndalama. Ndamva wina akuti muyambe ndi mtengo kuti anthu akopeke. Sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono. Mukayamba ndi mtengo mudzakangana mpaka dzuwa kupendeka musanadziwe ngati muli ndi katundu wokwanira. Ndipo tsiku lolandira ndalama musalizembe. Munthu amathawira kwa venda chifukwa venda amalipira pompopompo. Ngati wogula wanu amalipira pakatha masabata awiri, anthu amve zimenezo pamsonkhano, wosatha kudikira achepetse matumba ake poyera.

Pa nthawi, malamulo a koparetivi yanu ayenera kuti amanena masiku opereka chidziwitso ndi chiwerengero cha mamembala ofunika kuti chigamulo chigwire ntchito. Awerengeni kaye, chifukwa wosakhutira adzagwira pomwepo kuti akane zomwe mwagwirizana. Lembani tsiku, malo, nthawi yoyambira ndi yothera yomwe, mwachitsanzo 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa. Anthu akadziwa nthawi yoweruka amabwera ambiri. Uthenga wa pafoni wokha sukwanira. Matani pepala pamalo amene mumakumanira, ndipo atsogoleri a makalabu akauze anthu awo pakamwa.

Chinanso, sikelo ija muiyese pamsonkhano pomwepo ndi chinthu chodziwika kulemera kwake. Madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, mukachotsera kulemera kwa chigubu. Onse aone ndi maso awo, ndipo sikelo yomweyo ndi imene idzagwire ntchito tsiku losonkhanitsa chimanga.