N3 ikukana kukhala ziro pa t = 0: Bateman wa tcheni cha maatomu atatu

Funso: "Akuluakulu a fizikisi, ndithandizeniko. Pa tcheni cha A → B → C, N1 ndi N2 ndikuzipeza bwinobwino, koma N3 ikundituluka mayinasi, ndipo ndikaika t = 0 siikukhala ziro. Fomula ndinaloweza kuchokera m'manotsi. Ndikuphonya pati? Mayeso ali pafupi."

Achimwene, vuto lagona pa kulowezako. Fomula ya N3 ili ndi mabulaketi asanu ndi limodzi pansi pake, ndipo mukangotembenuza limodzi lokha, mayinasi imalowa pomwe siyenera kukhala. Popeza N2 mukuipeza, N3 mukuidziwa kale, chifukwa njira yake ndi yomweyo, mungoibwereza kachiwiri.

A timutche kholo, B mwana, C mdzukulu. Aliyense amachuluka ndi maatomu amene amupatsa wa pamwamba pake, ndipo amachepa ndi kusweka kwake kwa iye mwini.

```
dN1/dt = −λ1·N1
dN2/dt = λ1·N1 − λ2·N2
dN3/dt = λ2·N2 − λ3·N3
```

Poyambira tili ndi kholo lokha: N1(0) = N0, ndipo N2(0) ndi N3(0) ndi ziro. Izi ndi zomwe Harry Bateman, katswiri wa masamu wa ku England, anapezera yankho mu 1910, ndipo fomula ya m'manotsi mwanuyo imagwira ntchito pokhapokha poyambira pali potere. Ziwiri zoyamba mwati mukuzitha, ndiye ndingozilemba:

```
N1 = N0·e^(−λ1·t)
N2 = N0·λ1/(λ2−λ1) · [e^(−λ1·t) − e^(−λ2·t)]
```

Tsopano mdzukulu. Tengani λ3·N3 muipititse kumanzere, kenako chulukitsani mbali zonse ndi e^(λ3·t). Chifukwa chochitira zimenezi n'chakuti kumanzere kumasanduka chinthu chimodzi chodifarenshiyetedwa, chomwe ndi N3·e^(λ3·t). Kumanja muikepo N2 ya pamwambayi.

```
d/dt[N3·e^(λ3·t)] = N0·λ1·λ2/(λ2−λ1) · [e^((λ3−λ1)t) − e^((λ3−λ2)t)]
```

Integiretani kuchokera pa 0 kufika pa t. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amaintegireta osaika malire, n'kuiwala kuti pa malire a m'munsi e^0 ndi 1, osati ziro. Ma −1 awiri amene amatuluka pamenepo ndi ofunika kwambiri:

```
N3·e^(λ3·t) = N0·λ1·λ2/(λ2−λ1) ·
  { [e^((λ3−λ1)t) − 1]/(λ3−λ1) − [e^((λ3−λ2)t) − 1]/(λ3−λ2) }
```

Mukagawa mbali zonse ndi e^(λ3·t), ma −1 aja ndi omwe amabala gawo lachitatu, la e^(−λ3·t). Mukawasiya, mumatsala ndi magawo awiri okha, ndipo N3 singakhale ziro pa t = 0 ngakhale mutawerengera usiku wonse. Aphatikizeni awiriwo pansi pamodzi. Pamwamba pamatsala (λ3−λ1) − (λ3−λ2), yomwe ndi λ2−λ1, ndipo imafafanizika ndi ya kunja ija. Chotsala ndi ichi:

```
N3 = N0·[C1·e^(−λ1·t) + C2·e^(−λ2·t) + C3·e^(−λ3·t)]
C1 = λ1·λ2 / [(λ2−λ1)(λ3−λ1)]
C2 = λ1·λ2 / [(λ1−λ2)(λ3−λ2)]
C3 = λ1·λ2 / [(λ1−λ3)(λ2−λ3)]
```

Yang'anitsitsani mabulaketiwo. Pansi pa C1, yochotsedwa ndi λ1 monsemo. Pansi pa C2 ndi λ2, pansi pa C3 ndi λ3. Mwini gawo amakhala kumapeto kwa bulaketi lililonse. Ndikuganiza kuti inu mwalemba (λ2−λ1) pansi pa C2, chifukwa dzanja linazolowera kulemba choncho pa N2. Onaninso kuti pamwamba palibe λ3. Atomu kuti ifike pokhala mdzukulu imasweka kawiri kokha, ngati kholo ndiponso ngati mwana. λ3 imabwera pamwamba mukafuna akitivite, A3 = λ3·N3.

Tiyese ndi tcheni chenicheni. Mpweya wa radoni, Rn-222, umatuluka m'miyala ndi m'dothi momwe muli yureniyamu, monga miyala ya ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Ukasweka umasiya Po-218, amene amasanduka Pb-214, nayenso n'kusanduka Bi-214. Hafulayifu za Po-218, Pb-214 ndi Bi-214 ndi mphindi 3.10, 26.8 ndi 19.9. Mabuku amasiyana pang'ono pa manambala omalizawa, ndiye pa mayeso tsatirani omwe mwapatsidwa. Ndasankha tcheni ichi dala chifukwa mdzukulu wake nayenso amasweka, komanso λ2 ndi λ3 n'zoyandikana, zomwe zimaonetsa msanga munthu akamafupikitsa manambala mosasamala.

Tinene kuti tili ndi maatomu 1,000,000 a Po-218 okhaokha, ndipo tikufuna kudziwa momwe zilili pakatha mphindi 30. Kugawa ln 2 ndi hafulayifu iliyonse kumatipatsa izi, zonse pa mphindi:

```
λ1 = 0.223596   e^(−30·λ1) = 0.001221
λ2 = 0.025864   e^(−30·λ2) = 0.460285
λ3 = 0.034832   e^(−30·λ3) = 0.35171
```

Kholo latsala pang'ono kutha, kwatsala maatomu pafupifupi 1,221, ndipo n'zomveka chifukwa mphindi 30 ndi hafulayifu zake pafupifupi khumi. Pa mwana, λ1/(λ2−λ1) ndi −1.1308, ndipo za m'bulaketi ndi −0.45906. Mayinasi ziwiri zimadyana, N2 n'kukhala pafupifupi 519,100.

Pa mdzukulu, musathamangire kuika t. Yambani mwapeza ma C atatu aja: C1 = +0.155, C2 = +3.261, C3 = −3.416. Aphatikizeni. Akupereka ziro, ndipo ayenera kutero, chifukwa pa t = 0 ma e onse ndi 1 ndipo N3 ndi N0 kuchulukitsa ndi chiphatikizo chawo. Ngati sakupereka ziro, imani pomwepo, bulaketi lina latembenuka. Ine ndimaona kuti kuyesa kumeneku n'kopindulitsa kuposa kubwereza ntchito yonse kawiri, ndipo sikutenga ngakhale mphindi imodzi pa kalikyuleta. Mutalemba C2 molakwika muja, mukanapeza 0.155 − 3.261 − 3.416, ndipo N3 ikanakhala mayinasi nthawi zonse, ndendende zomwe mukudandaulazo.

Tsopano ikani t = 30. Gawo loyamba ndi 0.0002, lachiwiri ndi 1.5011, lachitatu ndi −1.2015. Pamodzi ndi 0.2998, kutanthauza maatomu a Bi-214 pafupifupi 299,800.

Mukaphatikiza N1, N2 ndi N3 mupeza pafupifupi 820,100, osati miliyoni. Musachite mantha. Otsalawo, pafupifupi 180,000, adutsa kale pa Bi-214 n'kupitirira kutsogolo kwa tchenicho. Chiphatikizo chimakwana N0 pokhapokha mdzukulu akakhala wosasweka, monga pa Sr-90 → Y-90 → Zr-90. Zikatero simufunika fomula ina, mumangoika λ3 = 0. C3 imasanduka 1, ndipo N3 = N0 − N1 − N2 imakupatsani yankho lomwelo mwachidule.

Kawirikawiri funso limapitirira n'kufunsa akitivite. A2 = λ2·N2 ndi pafupifupi 13,430 pa mphindi, ndipo A3 = λ3·N3 ndi pafupifupi 10,440 pa mphindi. Bq ndi kusweka kumodzi pa sekondi, ndiye gawani ndi 60, mupeza 224 Bq ndi 174 Bq. Malikisi ambiri amatayikira pa 60 ameneyu.

Manambala awiriwa akutiuzanso china. A2 ndi maatomu olowa kwa mdzukulu, A3 ndi otuluka. Olowa akadali ambiri, ndiye pa mphindi 30 Bi-214 akadakwerabe. Amafika pachimake A2 ikafanana ndi A3. Kwa mwana, nthawi ya pachimake ili ndi fomula yake, ln(λ1/λ2)/(λ1−λ2), yomwe pano ndi mphindi 10.9. Kwa mdzukulu fomula yotere palibe, chifukwa ma e atatu sangathe kusonkhanitsidwa mu ln imodzi. Mwayi wathu pa tcheni ichi ndi wakuti kholo limatha msanga, ndiye gawo la C1 tingathe kulisiya. Tikatero timatsala ndi izi:

```
e^((λ3−λ2)t) = λ3·|C3| / (λ2·C2) = 1.4107
t = ln(1.4107) / 0.008968 ≈ 38.4
```

Pachimake ndi pa mphindi pafupifupi 38, pomwe N3 ili pafupifupi 311,000. Mukasiya gawo chonchi, bwererani mukaone ngati linalidi laling'ono pa nthawi yomwe mwapezayo. Pa mphindi 38, e^(−λ1·t) ndi pafupifupi 0.0002, ndiye tinali ndi chifukwa cholisiyira. Tcheni chikakhala chakuti palibe gawo losiyika, mumangoyesa ma t osiyanasiyana mpaka A2 ndi A3 zitakumana.

Za kufupikitsa manambala zija. Onani kuti 0.2998, kupatula ka 0.0002 kaja, yachokera pochotsa 1.2015 mu 1.5011, manambala awiri aakulu obala kanambala kakang'ono. t ikakhala yaing'ono zimafika poipa. Pa t = 0.1, yankho lenileni ndi maatomu pafupifupi 29 pa miliyoni, pomwe ma C a madesimo atatu akhoza kuphonya ndi maatomu mazana angapo. Munthu amatha kupeza mayinasi fomula ili yolondola. Sungani manambala athunthu mu kalikyuleta, mufupikitse kumapeto kokha. Pofuna kutsimikiza, pa t yaing'ono kwambiri N3 imayandikira N0·λ1·λ2·t²/2. Ndipo wina akafupikitsa λ2 ndi λ3 zonse kukhala 0.03, agawa ndi ziro. Ma λ awiri akafananadi, fomula ya Bateman monga ilili siigwira. Mumabwerera pa kuintegireta paja, pomwe e^0 imabala t, mwachitsanzo N2 = N0·λ·t·e^(−λ·t) ngati λ1 ndi λ2 zili zofanana.

Aphunzitsi ena amakonda kupotoza funso ponena kuti pa t = 0 mwana ndi mdzukulu analipo kale. Umu ndi momwe zimakhalira munthu akakoka mpweya kudzera pa fyuluta kuti ayeze ana a radoni, onse atatu amagwidwa limodzi. Apa musasinthe chilichonse pa zomwe tapeza. Maikweshoniwa ndi oti mayankho ake amaphatikizika, ndiye gulu lililonse la poyambira mulitenge ngati tcheni chakechake. Maatomu a N2(0) ndi kholo la tcheni cha awiri, ndipo a N3(0) amangosweka okha:

```
N2 += N2(0)·e^(−λ2·t)
N3 += N2(0)·λ2/(λ3−λ2) · [e^(−λ2·t) − e^(−λ3·t)] + N3(0)·e^(−λ3·t)
```

Mukaika t = 0 tsopano, N3 iyenera kutuluka N3(0), osati ziro.

Tumizani chithunzi cha tsamba lomwe mwawerengerapo, makamaka mzere wa C2 ndi pomwe mwaika malire a kuintegireta, tione kuti pa ziwirizi chakugwetsani n'chiti.